Mutu ukaphulika mukunyamula katundu kapena kutsokomola, osanena kuti "tione mawa"

Abale, ambiri mutu umakuwawani mukamalima dzuwa lili pamutu, kukwera chitunda pa kabaza, kumenya mpira, kunyamula thumba la chimanga, kutsokomola kapena kudzikakamiza kuchimbudzi. Chimachitika nchakuti mukagwira mpweya nkukankha, magazi amachedwa kutsika kuchoka m'mutu ndiye mkatimo mumathina kwa kanthawi.

Nthawi zambiri sizoopsa ayi. Mutu wa ntchito yolemetsa umabwera pang'onopang'ono, umagunda mbali zonse, mukapuma umazilala, ngakhale ena umawatengera mpaka masiku awiri. Wa kutsokomola uja umangobaya masekondi kapena maminitsi ochepa basi. Ngati umabwera chimodzimodzi nthawi zonse, palibe chizindikiro china, komanso achipatala anakuonanipo, imwani madzi, yambani ntchito mofatsa, pewani dzuwa la masana, ndipo ponyamula katundu muzitulutsa mpweya osaugwira.

Koma chomwe chikutidandaulitsa ndi ichi. Tinene bambo akukweza thumba pangolo, mwadzidzidzi mutu kuphulika ngati wamenyedwa ndi mpini kunkhongo, ululu kufika pachimake miniti imodzi isanathe, kusanza, khosi kuuma. Ameneyu atha kukhala kuti mtsempha wamagazi waphulika m'mutu. Apite kuchipatala pompo, ngakhale ndi usiku.

Vuto lake mutu woterewu nthawi zina umachepa wokha, ndiye munthu amamwa panado nkumati ndachira, ena amakatemera mphini ati ndi mutu waukulu. Kuchepako sikuchira! Mtsempha uja umatha kutulutsa magazi pang'ono kaye kenako nkudzaphulikanso patapita maola kapena masiku, ndipo kachiwiriko ndi komwe kumakhala koopsa kwambiri. Sikani ya m'mutu ya CT imaona bwino magaziwo m'maola 6 oyambirira, ndiye poti makinawa ali kuzipatala zikuluzikulu ndipo pamafunika kutumizidwa, nthawi yodikira mawa mulibe. Asipirini ndi brufeni musamwe, zimachedwetsa magazi kuundana.

Thamanganinso ngati munthu wakomoka, akugwa khunyu, akuona zinthu ziwiriziwiri, mkono kapena mwendo wafooka, kapena akulankhula zosamveka. Amayi oyembekezera ndi amene angochira kumene, musadikire tsiku la sikelo. Amene muli ndi HIV, mutu wa masiku angapo womwe ukukula mukatsokomola utha kukhala meninjaitisi, matenda oumitsa khosi aja.

Nanga mutu wotere ukakugwirani koyamba, olo usaphulike? Kayezetseni ndithu, makamaka ngati mwadutsa zaka 40 kapena muli ndi BP. Wa kutsokomola womvekera kunkhongo nawo sitiutenga mopepuka chifukwa kwa ena umachokera pa vuto la kumunsi kwa ubongo.

Mukafika kuchipatala osangoti mutu ukuwawa, mupatsidwa panado nkubwerera. Nenani kuti unayamba nthawi yanji, mumapanga chani, ndipo unakula pang'onopang'ono kapena unangophulika kamodzi.