Kufufuta pafoni sikubweza chithunzi cha mwana

Pali mawu amene ndatopa nawo kuwamva: "Musadandaule, ndafufuta kale." Onena zimenezi kawirikawiri ndi anthu abwinobwino, azakhali, aphunzitsi, atsogoleri a Sande sukulu, amene atenga chithunzi cha mwana wa eni n'kuchiika mu pulogalamu ya AI kuti mwanayo aoneke ngati dokotala kapena woyendetsa ndege. Ntchito yanga ndi yoteteza zinthu zosungidwa m'makompyuta, ndiye ndinene mosapita m'mbali: chimene mwafufutacho ndi cha pafoni panu chokha. Mapulogalamu ambiri otere sagwirira ntchito m'foni mwanu. Foni imatumiza chithunzicho ku makompyuta a kampani, amene nthawi zambiri ali kunja kwa dziko lino, zonse zimapangidwira kumeneko, kenako inu amakubwezerani chomalizidwa. N'chifukwa chake bandulo ikatha pulogalamuyo imangoima. Choyamba chija chimatsala m'manja mwawo, ndipo oti anene kuti chikhala nthawi yaitali bwanji ndi iwowo.

Nkhani imene imandisowetsabe mtendere ndi ya sukulu ina ya mkaka cha ku Kawale. Ana atatsala pang'ono kutsiriza chaka, amadamu a kalasi lomaliza anafuna kusangalatsa makolo. Anajambula mwana aliyense payekha pakhonde la sukulu, n'kuika zithunzizo pa tsamba lina laulere limene linawaveka anawo mikanjo ndi zipewa za omaliza maphunziro. Zinatuluka zokongola ndithu, pagulupu ya WhatsApp makolo anayamikira. Mayi mmodzi yekha ndiye anafunsa kuti, "Amadamu, nanga chithunzi chenichenicho chapita kuti?" Mayi ameneyu anasiyana ndi mwamuna wake chifukwa cha nkhanza, ndipo anasamutsa mwanayo sukulu dala kuti asadziwike kumene ali.

Atandiitana ndinapempha kuona zithunzi zimene anatumizazo, osati zomalizidwa. Pa chifuwa cha yunifolomu panali baji ya sukulu, yowerengeka bwinobwino. Kuti asasokoneze ana, amadamuwo anali atalemba dzina la mwana aliyense ngati dzina la fayilo. Ndipo kamera ya foniyo inali yololedwa kusunga malo, choncho m'kati mwa fayilo iliyonse munali tsiku, ola ndi manambala a GPS osonyeza pamene khondelo lili. Zobisika zoterezi zimatchedwa EXIF. WhatsApp imazichotsa mukatumiza ngati chithunzi wamba, koma mukaika fayilo yoyambayo mwachindunji pa tsamba la intaneti, zikhoza kupita zonse. Ndiye tsambalo linalandira nkhope, dzina, sukulu ndi malo a mwana aliyense m'kalasimo. Tinafufuza mwini wake: panalibe dzina la kampani, panalibe adiresi, koma kabokosi kolembamo uthenga basi. Tinalemba kupempha kuti afufute. Mpaka lero kuli zii.

Sindikunena kuti anawo anachitidwa chipongwe. Ndikunena kuti palibe amene angamutsimikizire mayi uja kuti sizidzachitika, ndipo iye sanafunsidwe.

Ena amati, "Koma ine ndimagwiritsa ntchito yotchuka." Kutchuka sikusintha zimene munavomereza podina batani lija osawerenga. Mu 2019 anthu ambirimbiri anakalambitsa nkhope zawo ndi FaceApp, kenako n'kudzazindikira kuti malamulo ake ankapatsa kampaniyo chilolezo chosatha ndi chosabwezeka chogwiritsa ntchito zithunzizo. Kampaniyo inayankha kuti zambiri imazifufuta pasanathe maola 48. Mwina zinali zoona, koma inu mulibe njira yokaonera. Mukamawerenga malamulo amenewa, fufuzani mawu akuti "perpetual", "irrevocable" ndi "improve our services". Omalizawo nthawi zambiri amatanthauza kuti zimene mwatumiza angaphunzitsire makina awo. Chithunzi chikalowa m'maphunziro a makina chili ngati mchere umene wasungunuka mu ndiwo: ngakhale afufute fayilo, zimene makinawo anatolapo sizichotsedwa mophweka. Pa ChatGPT, mwachitsanzo, pali pozimitsa, pa "Data controls", polembedwa "Improve the model for everyone". Zimitsani musanatumize kanthu, chifukwa kuzimitsa pambuyo sikubweza zimene zinagwiritsidwa kale ntchito.

Chifukwa chimene ndimalimbira kwambiri pa ana n'chakuti nkhope yawo ikhoza kuvekedwa thupi lina. Mu Seputembala 2023, m'tauni ya Almendralejo ku Spain, atsikana oposa 20 anapeza zithunzi zabodza zowaonetsa ali maliseche zikuyenda pamafoni. Anazipanga ndi anyamata anzawo, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya AI ndi zithunzi wamba za atsikanawo atavala bwinobwino. Mu 2024 bungwe la Human Rights Watch linapeza zithunzi 170 za ana a ku Brazil mu LAION-5B, mulu wa zithunzi mabiliyoni oposa asanu zotoledwa pa intaneti zophunzitsira makina, ndipo zina zinali ndi mayina a anawo ndi malo amene anajambulidwira. Izi zinachokera pa masamba oonekera kwa aliyense, choncho chomalizidwa chimene mumachipachika pa Facebook nachonso chili ndi ngozi yake.

Lamulo lilipo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo lamulo la Data Protection Act la 2024, limene oliyang'anira ndi a MACRA, limafuna chilolezo cha kholo kapena womulera pa zokhudza mwana. Sukulu, tchalitchi kapena wojambula paukwati sangazembe ponena kuti cholinga chinali chabwino. Chilolezo chojambula mwana si chilolezo chomutumiza ku kampani yakunja. Koma tisanamizane: lamuloli lingagwire sukulu ya kuno ku Lilongwe, pamene tsamba lopanda adiresi n'lovuta kulilondola.

Ngati mwatumiza kale, musayambe n'kuchotsa pulogalamuyo pafoni, monga achitira ambiri chifukwa cha mantha. Mukatero akaunti yanu ndi zithunzi zimatsala komweko. Lowani kaye, jambulani sikirini yosonyeza dzina la pulogalamu, tsiku ndi zimene munatumiza, fufutani zithunzi zili m'katimo, tsekani akaunti, lembani uthenga wopempha kuti afufute zonse ndipo muusunge. Mukatha zonsezi ndiye muichotse. Makolo a mwanayo auzeni tsiku lomwelo, ngakhale manyazi akugwireni bwanji.

Chithunzi cholaula cha mwana chikatulukira, kaya n'chabodza, musachitumize kwa wina aliyense, ngakhale kwa mlamu wanu kuti "taonani zachitikazi". Kufalitsa zolaula za ana ndi mlandu pansi pa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Pitani ku polisi, ku Victim Support Unit, kapena imbani 116, nambala yothandiza ana. Palinso Take It Down, njira yaulere ya bungwe la NCMEC la ku America: imatenga chizindikiro cha manambala cha chithunzicho, chithunzi chenicheni osachoka pafoni panu, ndipo masamba amene anagwirizana nawo amachifufuza n'kuchichotsa. Sifika m'mauthenga otsekedwa a WhatsApp, ndiye tsiku lililonse limene banja likukhala pansi kukambirana ngati liulule, chithunzicho chikulowa m'mafoni ena amene palibe angawafikire.

Pa nthawi yotereyi m'pamene amatulukira anyamata odzitcha akatswiri, olonjeza kuti "achichotsa pa intaneti ponse" mukawatumizira ndalama pafoni. Palibe munthu amene angalowe m'makompyuta a kampani yakunja kapena m'mafoni a anthu n'kufufuta. Choopsa kwambiri, chinthu choyamba chimene amapempha ndi chithunzi chomwecho, ena mpaka pasiwedi ya akaunti yanu, ndipo alipo amene amabweranso patapita masiku kudzakuopsezani nacho kuti muwonjezere ndalama.