Tsiku lapapaketi ladutsa: nditaye kapena ndidye?

Mayi wina amene amadziwa kuti ntchito yanga ndi yoyeza zakudya anandiimitsa m'golosale atanyamula mabisiketi otsitsidwa mtengo chifukwa tsiku lake linali pafupi. "Achimwene, izi sizindidwalitsira ana?" Ndinawauza kuti agule ndithu. Chimene chinandidetsa nkhawa ine chinali poloni amene anali pansi pa basiketi yawo, wotsala ndi tsiku limodzi, koma iwo sanamuyang'ane n'komwe.

Ambirife tsiku lililonse lolembedwa papaketi timangoti "chaekisipaya". Koma masikuwa ndi amitundu iwiri. Pakalembedwa "Best before", kapena mwachidule "BB", wopanga akulonjeza kuti kufikira tsikulo chakudyacho chikhala chokoma monga anachipangira. Likadutsa, bisiketi imafewa, tiyi amachepa fungo, koma poizoni salowamo usiku umodzi. Mawuwa mumawapeza pa zinthu zouma, zam'chitini ndi zoumitsidwa mufiriza. Mpunga woyera, supageti ndi nyemba zouma zimadyeka ngakhale patapita chaka, bola zikhale pouma ndipo anankafumbwe asalowemo. Nsomba kapena nyemba zam'chitini zimapirira chaka n'kupitirira. Mabisiketi, milungu ingapo. Shuga ndi mchere zilibe nkhani. Apa maso ndi mphuno zimagwira ntchito: ufa wa nsinjiro kapena chiponde chikachita nkhungu, kapena mafuta ophikira akayamba kafungo koipa n'kumakereketa pakhosi, tayani, kaya tsiku lafika kaya ayi. Chitini chofufuma, chodontha kapena chobwanyuka pamsoko musalawe n'komwe, chifukwa m'menemo mukhoza kukhala poizoni woumitsa ziwalo.

"Use by" ndi nkhani ina. Awa ndi malire a chitetezo, ndipo amalembedwa pa zinthu zosachedwa kuonongeka: nyama ndi nkhuku zaziwisi zam'paketi, soseji, poloni, nsomba zaziwisi, kawirikawiri mkaka wamufiriji. Mukhoza kudya mpaka tsiku lolembedwalo, koma mawa lake ayi. Funso loti "nanga patadutsa masiku awiri okha?" lilibe yankho lina.

Chimene chimanyenga anthu n'choti tizilombo toolesa chakudya ndi tizilombo todwalitsa munthu si timodzimodzi. Toolesa timadziulula: fungo, kuterera, kusintha mtundu. Todwalitsa timakhala phee. Kachilombo ka lisiteriya kamaswana ngakhale mufiriji momwe, pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, poloni ali psuu, akununkhira bwinobwino. Mu 2017 ndi 2018 ku South Africa kachilomboka kanadwalitsa anthu oposa 1,000 ndipo oposa 200 anamwalira, ambiri mwa iwo makanda ongobadwa kumene. Gwero lake linapezeka kuti linali poloni wa pafakitale ina, ndipo Malawi inali m'gulu la mayiko amene analetsa nyama zoterezi kulowa. Kumeneko vuto linachokera kufakitale, osati kwa ogula, koma mfundo yake ndi yomweyi: amene anadya sanamve fungo lililonse. N'chifukwa chake kwa mayi woyembekezera, nkhalamba ndi munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, ine sindilola zokambirana pa "Use by".

Tsono pali china chimene paketi sinena mokweza. Tsikulo analiwerengera poganiza kuti paketi ndi yosatsegula ndipo ili mufiriji yozizira madigiri 5 kapena kutsikirapo. Titenge chitsanzo cha poloni. Tinene kuti walembedwa 20 Juni, mwagula pa 12, mwayenda naye m'minibasi maola awiri dzuwa likuswa mtengo, mwamudula pa 13. Kuyambira pomwe mpeni wadutsa, 20 Juni uja watha ntchito. Tsatirani timawu tating'ono tonena masiku odyera mukatsegula, nthawi zambiri awiri kapena atatu. Ndiye pa 14 magetsi azime kuyambira m'mawa mpaka usiku. Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 okha. Poloni ameneyo watha pa 14, ngakhale paketi ikuumirira kuti 20. Mkaka wam'katoni wokhalitsa uja nawo chimodzimodzi: umakhala miyezi pashelefu, koma mukautsegula wasanduka mkaka wamba wofuna firiji ndi kumwedwa m'masiku ochepa.

Njira yokhayo yoimitsira wotchi ya "Use by" ndi kuphika kapena kuika mufiriza tsikulo lisanadutse. Firiza sipha tizilombo, imangotigoneka. Nkhuku mukaisungunula, iphikeni pasanathe maola 24.

Samalaninso kawerengedwe. "MFG" ndi tsiku lomwe anapanga, osati lothera. Katundu wochokera ku America amayamba ndi mwezi, choncho 03/08 ndi 8 Malichi, pomwe kwathu kuno timawerenga kuti 3 Ogasiti. Ndipo mkaka wa ufa wa makanda musauike m'gulu la mpunga ngakhale ndi wouma. Tsiku lake likadutsa michere ina imakhala itayamba kuchepa, pamene mwanayo alibe kwina koipeza.