Fulashi ikuoneka pa tivi koma vidiyo ikukana: vuto limakhala pati?

Anthu amabwera pa ntchito panga fulashi ili m'manja, ena hadi disiki, akuti "bwana tivi yanga yafa poti ya USB". Nthawi zambiri potiyo imakhala ili bwinobwino. Ndimayamba ndawafunsa funso limodzi, mukalowetsa fulashiyo tivi ikukuonetsani mafayilo kapena siikuonetsa kalikonse?

Ngati siikuonetsa kalikonse, kawirikawiri ndiye kuti yakangana ndi mmene fulashiyo inafomatidwira. Mativi akalekale ambiri amawerenga FAT32 basi, ena amaonjezerapo NTFS, pamene fulashi zikuluzikulu zambiri zimabwera zili exFAT ndipo hadi disiki zambiri zili NTFS. Kufomatanso kumathetsa izi, koma kumafufuta zonse, choncho sungani kaye mafayilo pena. Dziwaninso kuti FAT32 siilola fayilo imodzi kupitirira 4GB, fulashi ikhale ndi malo ochuluka bwanji.

Koma yomwe imazunguza anthu mutu kwenikweni ndi ina iyi. Fayilo ikuoneka, dzina lake lili apo, mukadina tivi nkulemba Unsupported file, kapena chithunzi nkumayenda mawu osamveka. Mayi wina anabwera ndi vidiyo ya ukwati wa mwana wawo, dzina lake ukwati.mp4, ali okwiya ndithu chifukwa buku la tivi yawo linalemba kuti imasewera MP4, ndipo mavidiyo ena a MP4 pa fulashi yomweyo amasewera popanda vuto. Nanga iyiyi yalakwa chani?

Ndinawauza kuti mayi, MP4 ija ndi envulopu chabe. MKV, AVI ndi MOV nazonso ndi maenvulopu. Tivi itha kutsegula envulopu nkupeza kuti kalata ya mkatimo yalembedwa m'chiyankhulo chomwe siichidziwa. Chiyankhulocho timati kodeki, kutanthauza njira yomwe vidiyo inapanikizidwira kuti ichepe, ndipo mu fayilo imodzi mumakhala ziwiri, ina ya chithunzi ina ya mawu. Ya chithunzi yomwe pafupifupi tivi iliyonse yokhala ndi USB ya mavidiyo imamva ndi H.264, yomwe inatuluka mu 2003. Mng'ono wake H.265, ena amati HEVC, inabwera mu 2013, imachepetsa fayilo kwambiri nchifukwa chake mafoni ambiri atsopano amajambula ndi imeneyo, koma kachipu ka mu tivi yakale sikaidziwa ndipo simungakaphunzitse.

Tinatsegula fayiloyo pa kompyuta ndi VLC, yasewera bwinobwino (VLC imasewera pafupifupi chilichonse, ndiye isakupusitseni kuti fayilo ili bho pa tivi), kenako nkudina Ctrl+J. Pamabwera tsamba la Codec, ndipo pa vidiyo panalembedwa HEVC. Titayang'ana ina yomwe imasewera ija panali H264. Nkhani yonse inali pamenepo.

Mwana wawo anali atayesa kale kusintha dzina, kuchotsa .mp4 kuika .avi. Izi ndimaziona pafupipafupi ndipo sizithandiza, mwangolemba dzina lina pa envulopu, kalata ndi yomweyo. Chofunika ndi kuitembenuza vidiyoyo kuti ikhale H.264. Ine ndimagwiritsa ffmpeg, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe umailembera malamulo, ndi yaulere:

```
ffmpeg -i ukwati.mp4 -c:v libx264 -pix_fmt yuv420p -crf 20 -c:a aac ukwati2.mp4
```

Ka yuv420p kaja musakasiye ayi. Mavidiyo ena a HEVC amakhala a 10-bit, ndipo mukangowasintha osakaikapo atha kutuluka H.264 ya 10-bit yomwe mativi ambiri amaikananso, inu mutadikira nthawi yonseyo pachabe. Ngati vidiyo ndi ya 4K koma tivi ndi ya 1080p onjezerani -vf scale=-2:1080 dzina lomaliza lisanafike. Amene zolemba malamulozi zimawatopetsa pali pulogalamu ina ya HandBrake, mungosankha Fast 1080p30 nkudina Start Encode, imapanga zofanana. Zimatenga nthawi, pa laputopu yofooka vidiyo yayitali itha kudya maola, ndiye musadabwe fani ikamalira. Fayilo yatsopanoyo nthawi zambiri imakulirapo, ndiye ngati fulashi yanu ndi ya FAT32 yang'anani kuti siinadutse 4GB ija.

Chithunzi chikamaoneka koma mawu zii, vuto ndi kodeki ya mawu, kawirikawiri DTS, poti mativi ena salandira DTS ngakhale ena atsopano omwe. Apa osavutika kusintha chithunzi, chikopereni mmene chiliri musinthe mawu okha:

```
ffmpeg -i filimu.mkv -c:v copy -c:a aac -ac 2 filimu2.mkv
```

Iyi imatha msanga, mphindi zochepa chabe, chifukwa chithunzi sichikukhudzidwa. Ya mayi aja inali ya chithunzi ndiye anakhala pa benchi kudikira, koma tisanayambe yonseyo ndinasintha kaye mphindi imodzi yokha poonjezera -t 60, tinayesa kachidutswako pa tivi, katasewera ndi mawu omwe mpamene tinaisiya kompyuta kuti imalize yonse.