Ngumbi zimaonongekera mu jumbo

Pa ntchito yanga yophunzitsa za kadyedwe, funso la ngumbi limabwera chaka chilichonse mvula yoyamba ikangogwa, cha mu Novembala ndi Disembala. Anthu amafunsa chifukwa chake ngumbi zomwe anadya bwinobwino tsiku loyamba zimawatsegula m'mimba pakatha mlungu umodzi. Kawirikawiri vuto limayambira pa kayanikidwe.

Ngumbi zili ndi mafuta ambiri, pafupifupi theka la kulemera kwake zikauma, ndipo zimatuluka nthawi yomwe dzuwa ndi losadalirika. Mayi wina anandionetsa zomwe anakazinga usiku, kuziyanika m'mawa umodzi wokha kunja kuli mitambo, n'kuzimangira mu jumbo. Titamasula patapita masiku anayi, m'kati mwa jumbo munali timadontho ta madzi, ngumbi zitagwirana zibuluma, ndipo zina zinali zitayera ndi chuku. Mayiyo ankati azikazinganso. Ndinawapempha kuti azitaye, chifukwa chuku china chimapanga poizoni wotchedwa afulatokisini, yemwe uja amapezeka mu mtedza ndi chimanga choola. Poizoniyu amaononga chiwindi, ndipo moto wa pamafuwa sumupha.

Ngumbi muzikazinge tsiku lomwe mwagwiralo, musazigoneke zaziwisi. Zitsukeni m'madzi oyera kuti dothi la pachulu lichoke, muziike mu chiwaya ndi mchere pang'ono popanda mafuta, n'kumatakasa mpaka madzi onse aphwe. Kenako ziyalidwe mopyapyala pa mphasa yoyera, pathandala pomwe nkhuku ndi agalu safika. Zikauma, mapiko amachoka mosavuta mukazifikisa ndi kupeta pa lichero. Musawerenge masiku ayi, yesani ndi zala: ngumbi youma imaphwanyika ukaifinya, yonyowa imangophwatalala. Dzuwa likakana, zibwezereni pa moto wochepa mpaka ziume. Zikazizira ndiye muziike mu botolo louma lotsekeka bwino, pamalo pozizira komanso pamdima, poti kutentha kumasasitsa mafuta aja. Zikayamba fungo la mafuta akale kapena kukanda pakhosi, nthawi yake yatha.

Mphalabungu ndi matondo nazonso zimafuna kuuma chimodzimodzi, koma ziyambe zafinyidwa matumbo ndi kuwiritsidwa m'madzi amchere. Zogula pamsika, zomwe zakhala pa fumbi ndi ntchentche, muziphikenso musanadye.

Pali zinthu ziwiri zomwe kuphika sikungakonze. Ngumbi za pachulu chomwe chinathiridwa mankhwala ophera chiswe, kapena ziwala za m'munda wopoperedwa kumene, zisiyeni ngakhale zichuluke bwanji. Chachiwiri, matupi ena sagwirizana ndi tizilomboti, makamaka anthu amene amadwala akadya nkhanu. Mwana amene akulawa koyamba mpatseni zochepa n'kumuyang'anira. Akatuluka zidzolo zoyabwa asadyenso, koma akatupa milomo kapena kuyamba kubanika, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.