Tchizi cholimba ndi tchizi chofewa: nkhani yagona pa madzi

Mukafika pa firiji m'sitolo ku Limbe kapena ku Chichiri mupeza tchizi cha mitundu iwiri: china cholimba chodula ndi mpeni, monga cheda, china choyera chofewa chopaka pa buledi. Zonse zimachokera ku mkaka woundana. Zimasiyana pa kuchuluka kwa madzi otsalamo, ndipo madziwo ndi amene tizilombo toyambitsa matenda timadalira kuti tiswane.

Chofewa sichivuta kupanga, mukhoza kuchipanga ngakhale pa mbaula. Wiritsani malita 2 a mkaka, muphule, muthiremo masupuni 4 aakulu a madzi a mandimu. Mkaka umalekana ngati chambiko chokhalitsa, zoundana pazokha, madzi achikasu pawokha. Sefani pa nsalu yoyera yowiritsa, thirani mchere pang'ono, basi chatheka. Koma kuposa theka la kulemera kwake ndi madzi, n'chifukwa chake chiyenera kukhala m'firiji ndi kudyedwa pasanathe masiku 3.

Cheda amafuna kudekha. Opanga amathira mabakiteriya abwino owawasitsa mkaka, kenaka reneti yogwiranitsa mkakawo, yomwe kuyambira kale imachokera m'chifu cha thole loyamwa. Mkaka ukagwirana amaudula timabenthu ting'onoting'ono n'kutenthetsa mpaka madigiri 38 kapena 39 kuti tilavule madzi. Akakhetsa amathira mchere, kupanikiza mwamphamvu m'chikombole, ndi kusunga pozizira miyezi 3 mpaka kupitirira chaka. Malita pafupifupi 10 amatulutsa kilogalamu imodzi yokha, musadabwe ndi mtengo wake. Kuuma, mchere ndi kuwawasa zikaphatikizana, tizilombo tambiri timalephera kuchulukana.

Kachilombo kotidetsa nkhawa kwambiri ndi listeriya. Kamaswana ngakhale m'firiji, ndipo tchizi chimene kalowamo sichisintha fungo kapena maonekedwe. Mayi woyembekezera akatenga kachilomboka amangomva ngati chimfine, thupi kutentha ndi kuphwanya, koma pathupi pakhoza kuchoka kapena mwana kubadwa wodwala. Amayi oyembekezera, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, chonde pewani tchizi chofewa cha mkaka wosaphika. Mayi woyembekezera akatentha thupi apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo anene zimene anadya.

Mkaka wa m'zigubu wobwera pa njinga m'mawa uziyamba wawira musanapangire chilichonse, chifukwa wosaphika ukhozanso kufalitsa chifuwa chachikulu cha ng'ombe.

Nanga magetsi akazima? Firiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira maola pafupifupi 4. Akapitirira apo, makamaka m'kutentha kwa Okutobala, chofewa chitayeni, ngakhale chikuoneka bwinobwino. Cheda amapirira. Akachita chuku pakona, dulani mozungulira masentimita 2.5 kuchokera pa chukupo, mpeni usakhudze chuku, ndipo chotsalacho idyani. Chofewa chikachita chuku musachipale pamwamba, poti mizu yake imakhala italowerera kale mpaka pansi.