Kagwiridwe ka raketi ya tenisi kamadalira pomwe mpira wafika

Mpini wa raketi ya tenisi si wobulungira. Uli ndi mbali 8, ndipo mayina onse a kagwiridwe amangonena za mbali yomwe mwayikapo mfundo ya m'munsi mwa chala cha mkombaphala. Imikani raketi chammbali, zingwe zake ziyang'ane kumanzere ndi kumanja. Mbali ya mpini yomwe ili pamwamba ndi nambala 1. Ngati mumasewera ndi dzanja lamanja, werengani kulowera kumanja: 2 ndi kontinento, 3 ndi isiteni, 4 ndi theka la wesiteni, ndipo 5, yomwe ili pansi penipeni, ndi wesiteni. Amanzere awerenge kulowera kumanzere.

Dzanja likamatsetserekera kunsi kwa mpini, nkhope ya raketi imaweramira pansi, ndipo mpira womwe mungaumenye bwino umakhala wokwera. Nkhani yonse yagona pamenepa.

Kontinento ndi kugwira mpini ngati mwagwira nkhwangwa. Nkhope ya raketi imakhala yotsegukira kumwamba pang'ono, choncho imayenera mpira wotsika mpaka m'mawondo, mpira woudula kuti uzungulire chobwerera, ndi mpira woumenya usanagwe pansi muli pafupi ndi ukonde. Paukonde sipakhala nthawi yosinthira kagwiridwe, ndipo kontinento imamenya mbali zonse ziwiri popanda kutembenuza mpini. Katswiri wakale wa tenisi John McEnroe ankagwira chonchi pafupifupi mpira uliwonse, koma lero ndi ochepa omwe angayerekeze kutero pa fohandi, komwe ndi kumenya mpira wobwera ku mbali ya dzanja logwira raketi, chifukwa mpira ukafika paphewa nkhope yotseguka ija imauponya kunja kwa bwalo.

Pomwe sindilola kukambirana ndi pa kuseva, kumenya mpira woyambira masewera. Wophunzira aliyense amafuna kuseva ndi isiteni chifukwa zingwe zimayang'ana kale kutsidya ndipo mpira umalowa tsiku loyamba lomwe. Vuto limabwera pambuyo. Mkono sutembenuka, mpira umapita wopanda kuzungulira, ndipo munthu akauwonjezera mphamvu umatuluka, akachepetsa mnzake amaubweza mosavuta. Ndi kontinento, raketi imakwera m'mphepete mwake muli kutsogolo, kenaka mkono umatembenukira kunja mpaka zingwe zikumane ndi mpira. Poyamba, kwa wadzanja lamanja, mipira imathawira kumanzere. Apo musabweze dzanja ku nambala 3. Kagwiridwe kali bwino, chatsala ndi kutembenuza mkono.

Isiteni ya fohandi imayika chikhatho kumbuyo kwenikweni kwa zingwe. Imamenya mpira wa m'chiuno mowongoka, mwamphamvu, ndipo kuchokapo kupita ku kontinento ndi mbali imodzi yokha, chomwe chimathandiza wokonda kuthamangira kuukonde. Fohandi ya Roger Federer inachokera apa. Malire ake ndi mpira wodumpha kupitirira phewa.

Wesiteni imayika chikhatho kunsi kwa mpini. Kuti mpira uwoloke, raketi iyenera kuchokera pansi n'kuupala kumbuyo chokwera, ndiye umazungulira chakutsogolo, kudutsa ukonde pamwamba ndithu, n'kugwa msanga m'bwalo. Pabwalo la dothi ngati la Roland Garros ku Paris, komwe mpira umadumpha kwambiri, ndi chida choopsa. Iga Świątek amagwira chonchi ndipo anapambana kumeneko mu 2020, 2022, 2023 ndi 2024.

Tiyeni titsate mpira umodzi. Inu mwagwira wesiteni, mnzanu wadula mpira wafupi womwe sukwera kupitirira bondo. Ukonde pakati ndi wotalika masentimita 91, mpira uli pansi pake, ndipo zingwe zanu zayang'ana dothi. Mukapanda kupinda mawondo kwambiri ndi kukweza raketi mofulumira, mpira ukathera muukonde. Mukauwolotsa, mwapezeka kutsogolo, ndipo wotsatirawo ufuna kontinento, kutanthauza kutembenuza mpini mbali zitatu, kuchoka pa 5 kufika pa 2, mpira uli kale m'njira. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi dzanja linalo: limagwira pakhosi pa raketi n'kuitembenuza, lomenyera litamasuka pang'ono. Wa isiteni mpira womwewo amaunyamula osavutika.

N'chifukwa chake osewera ambiri apamwamba masiku ano amakhazikika pa nambala 4, yomwe imazunguza mpira mokwanira koma osalepheratu wotsika. Kwa wamkulu yemwe akuyamba kumene, ine ndimayambira pa 3 kapena 4. Ana ndiwo ofunika kuwayang'anira. Mwana wamfupi akamasewera ndi mpira wa akulu, uliwonse umamufika kumutu, ndipo dzanja limatsetserekera lokha ku nambala 5. Mpatseni mpira wofewa wosadumpha kwambiri, wofiira kapena wa mtundu wa lalanje, kuti azikumana nawo m'chiuno.