Nyumba ya lendi ili pa Nchalo, msonkho akufunsa a ku Joni

Anthu akwathu kuno kuchigwa amene amagwira ntchito ku Joni amakonda kundiuza mawu amodzimodzi akabwera kutchuthi cha Khirisimasi: "Ine msonkho amadula kale pa malipiro, ndiye za kumudzi sizikuwakhudza a msonkho a ku Joni." Kwa zaka zisanu zoyambirira kawirikawiri amakhala akunena zoona. Chaka chachisanu ndi chimodzi ndi pamene zinthu zimatembenuka, mwini wake osadziwa, popeza palibe kalata imene imabwera kudzamuuza.

Gwero la nkhaniyi ndi loti maiko awiriwa amafunsa mafunso osiyana. Bungwe lathu la MRA limafunsa kuti ndalama yatuluka kuti. Ngati yachokera m'Malawi, monga lendi ya nyumba, phindu la chigayo kapena la golosale, msonkho ulipo, ngakhale mwini wake atakhala kutsidya kwa nyanja. Malipiro a ntchito imene munthu wagwira ali ku Johannesburg kwa bwana wa komweko sanatuluke m'Malawi, choncho MRA ilibe nawo gawo, ngakhale atatumizidwa kwa mayi a kunyumba mwezi ndi mwezi. Bungwe la SARS, lotolera msonkho ku South Africa, kuyambira 2001, limayamba ndi kufunsa kuti munthuyu ndi wokhala kuti. Mlendo amamudula pa zokhazo zimene wapeza m'dzikomo. Koma amene lamulo lamuwerengera kuti ndi wokhala m'dzikomo amayenera kuulula zonse zimene amapeza, kulikonse pa dziko lapansi.

Kukhala kumeneku sikuyendera pasipoti kapena chilolezo cha ntchito. Munthu akhoza kukhala Mmalawi weniweni, wa mapepala ongowonjezera chaka ndi chaka, koma pa msonkho n'kukhala wa ku Joni.

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba imayang'ana kumene kuli mtima wa munthu, kumene amabwerera akatopa ndi kuyendayenda. Amene anatenga mkazi ndi ana, kugula nyumba komweko, kumudzi n'kumangobwera pa maliro, njira imeneyi imamugwira popanda kuwerenga masiku. Yachiwiri ndiyo imagwira anthu athu ambiri, chifukwa siisamala za mtima. Imangowerenga.

Tiyerekeze mkulu wina wowotcherera zitsulo wa pa Nchalo. Analowa pa Beitbridge pa 1 Juni 2018. Banja anasiya kumudzi, ng'ombe zili kwa achimwene ake ku Ngabu, ndipo ndi ndalama za ku Joni anamanga nyumba imene akuchititsa lendi kwa ogwira ntchito kumunda wa nzimbe. Kupatula chaka choyamba, chaka chilichonse amabwera kwa mwezi umodzi ndi masiku ochepa.

Chaka cha msonkho ku Joni chimayamba pa 1 Malichi n'kutha kumapeto kwa Febuluwale. Lamulo likuti munthu akhale atapitirira masiku 91 m'chaka chimene tikuwerengacho, atapitiriranso masiku 91 m'chaka chilichonse mwa zaka zisanu zam'mbuyo, ndipo masiku onse a zaka zisanuzo pamodzi apitirire 915. Zitatu zonsezi zikwanire. Mkulu wathu uja chaka choyamba sanabwere kumudzi, ndiye kuchoka Juni 2018 kufika Febuluwale 2019 ndi masiku 273. Zaka zinayi zotsatira anakhalako masiku 330 chaka chilichonse, omwe ndi 1,320. Pamodzi 1,593, kutali ndithu ndi 915. Chatsala ndi chaka chimene chinayamba pa 1 Malichi 2023. Malichi, Epulo ndi Meyi ali ndi masiku 92, ndiye pa 31 Meyi wadutsa malire. Ndipo lamulo silimuyambira pa tsikulo. Limabwerera m'mbuyo kumuwerengera kuti ndi wokhala m'dzikomo kuyambira pa 1 Malichi 2023.

Nambala ya 915 ija musaione yachilendo: ndi 183 kuchulukitsa kasanu, ndiye kuti theka la chaka kwa zaka zisanu. Izi zimakhudza kwambiri anyamata opita kukakolola m'minda ya mphesa n'kubwerera kudzalima chimanga cha kudimba madzi a Shire akaphwa. Wokhalako masiku 180 pachaka amathera pa 900, sanagwidwe. Wa masiku 184 amafika 920, wagwidwa. Tsiku lolowa ndi tsiku lotuluka onse amawerengedwa athunthu, ngakhale basi itadutsa pachipata usiku. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikamva kuti pasipoti yakale anaitaya atatenga yatsopano. Zidindo zili m'menemo ndiwo umboni wa masiku anu.

Tsopano lendi ya pa Nchalo ija ili ndi oifuna awiri. MRA ikuti nyumba ili m'boma la Chikwawa, ndalama yatuluka kuno. SARS ikuti mwini nyumbayo ndi wathu. Onse akunena zoona malinga ndi malamulo awo, ndipo palibe amene walakwitsa masamu.

Potulukira poyamba ndi pangano la msonkho la maiko awiriwa, la m'chaka cha 1971. Lamulo la ku Joni limavomera lokha kuti munthu amene pangano lotere lamuika kukhala wa dziko linalo basi, asawerengedwe ngati wokhala kwawoko ngakhale masiku atakwana. Koma izi sizichitika zokha. Munthu amayenera kuonetsa kuti kwawo kwenikweni ndi kuno: nyumba yogonamo, banja, ana pasukulu, maulendo obwera kawirikawiri. Amene ali ndi banja lina ku Joni, ndipo tisanamizane, alipo ambiri, mlandu wake umavuta.

Potulukira pena ndi kuchotsera. SARS imalola kuti msonkho umene walipidwa ku Malawi pa lendiyo uchotsedwe pa umene iwo akufuna pa lendi yomweyo. Tinene kuti lendi ya chaka, itasinthidwa kukhala marandi, ndi R60,000, ndipo MRA inatengapo ndalama yofanana ndi R9,000. Tinenenso kuti gawo la msonkho wa ku Joni logwera pa lendiyo ndi R13,000. Mkulu uja aonjezera R4,000 yokha, zonse pamodzi R13,000. Zikanakhala kuti Malawi inatenga zoposa R13,000, SARS sikanamubwezera chotsalacho, imangochotsera mpaka pamene pathera msonkho wake. Tsono chochotseracho chimafuna umboni. Ngati wolondolera nyumba, kaya ndi mphwanu kaya mlamu, analipira ku MRA koma malisiti anapita ndi madzi osefukira, kapena analipira m'dzina lake osati lanu, SARS ifuna R13,000 yonse. Lendi ya R60,000 yadyedwa R22,000. Apa ndi pamene kulipira kawiri kumachitikadi, ndipo nthawi zambiri chifukwa chake ndi pepala losowa. Uja amene sanalipireko konse ku MRA alibe chochotsera, ali ndi ngongole ziwiri.

Kubwerera kumudzi nakonso kuli ndi masamu ake. Amene anagwidwa ndi njira ya masiku samasuka tsiku limene watsika basi pa Nchalo. Ayenera kukhala kunja kwa South Africa masiku athunthu 330 otsatizana, osadukiza, ndipo akakwana lamulo limamumasula kuyambira tsiku limene anatuluka. Mkulu wathu akabwera mu Disembala n'kuyamba kuwotcherera ngolo pamsika, kenako mu Juni n'kupita kwa sabata imodzi kukatenga makina amene anasiya kwa mnzake, kuwerenga kumayambiranso pa tsiku loyamba. Makinawo kuli bwino atumize pa basi, ndipo masiku 330 akakwana adziwitse SARS kuti anachoka, apo ayi m'mabuku mwawo akhalabe munthu amene wangosiya kutumiza mafomu.